Kasankhidwe ka matayala a minibasi yoyenda pakati pa Salima ndi Nkhotakota

Funso lomwe ndimamva kawirikawiri kwa eni minibasi, makamaka amene angogula kumene, ndi lakuti, “Kodi ndigule tayala la kampani iti?” Ndayankha pa depoti, ndayankha pa lamya, ndipo tsopano ndaganiza zongolemba kamodzi kuti wofunsa aziwerenga yekha modekha. Dzina la kampani lili ndi malo ake, koma si poyambira. Muyambe ndi kulemera kumene tayala lililonse lakumbuyo limasenza galimoto ikadzaza, kenako nambala yolembedwa m'mbali mwa tayalalo, kenako mpweya. Izi zikalakwika, ngakhale tayala lodula kwambiri lidzaphulika musanafike pa Benga.

Ndikamba za minibasi za tayala limodzi mbali iliyonse kumbuyo, monga Toyota HiAce ndi Nissan Caravan, zoyenda mu msewu wa M5.

1. Werengani zolembedwa m'mbali mwa tayala

Musanapite kusitolo, tsegulani chitseko cha dalaivala muone kachipepala kapena kachitsulo kosonyeza saizi ya matayala ndi mpweya umene wopanga galimoto anavomereza. Musadalire matayala amene mwaipeza nawo, chifukwa mwini wake woyamba atha kukhala kuti anaika olakwika.

Pa HiAce zakale mumapeza kawirikawiri `195R14C 106/104`, ndipo pa zatsopanoko `195/80R15 107/105`. Nambala ya 195 ndi kufutukuka kwa tayala m'mamilimita, 14 kapena 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Chilembo cha `C`, kapena `LT` pa matayala ena, chikutanthauza kuti tayalalo ndi la galimoto zonyamula katundu wolemera. Ngati palibe chimodzi mwa zizindikiro ziwirizi, limenelo ndi la galimoto yaing'ono, lisiyeni ngakhale likwane bwinobwino pa limu yanu.

Nambala ziwiri zolekanitsidwa ndi kamzere ndizo zofunika koposa. Yoyamba ikunena kulemera kumene tayala lingasenze likakhala lokha, yachiwiri ndi ya galimoto za matayala awiri ogundizana kumbuyo. Inu yanu ndi yoyambayo. Nambalayi si makilogalamu, ndi chizindikiro chabe chimene chili ndi tanthauzo lake. Zokukhudzani ndi izi: 102 ndi makilogalamu 850, 103 ndi 875, 104 ndi 900, 106 ndi 950, ndipo 107 ndi 975.

Anthu ambiri amagula pofunsa “mapulayi”. Mukaona `8PR`, sikuti muli nsanjika zisanu ndi zitatu za ulusi m'katimo. Ndi muyeso wa kulimba umene unatsalira kuchokera ku matayala akale. Chofunika kudziwa n'chakuti saizi imodzi imatuluka m'mitundu iwiri. `195R14C` ya `6PR` imakhala 102, ya `8PR` imakhala 106, kusiyana kwa makilogalamu 100 pa tayala lililonse pomwe m'maso zikuoneka zofanana. Momwemonso `195/80R15` ilipo ya 103 ndi ya 107. Wogulitsa akakutsitsirani mtengo mosayembekezeka, yang'anani pamenepa kaye.

Chilembo chotsatira nambalazi ndi cha liwiro: `L` ndi makilomita 120 pa ola, `N` 140, `R` 170. Minibasi yoyenda mwalamulo safika pamenepo, choncho musalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha chilembochi.

2. Werengerani kulemera kwa kumbuyo

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo m'pamene pagona nkhani yonse. Tiyeni titenge minibasi yonyamuka pa Kamuzu Road m'mawa kupita ku Nkhotakota.

Tinene kuti galimotoyo yopanda munthu ikulemera makilogalamu 1,800. Yanu muione pa zikalata zake. Mwalowa anthu 16, kuphatikizapo dalaivala ndi kondakitala. Tikawerengera munthu aliyense makilogalamu 70, ndiye 1,120. Kumbuyo mwalongedza matumba asanu a mpunga a makilogalamu 50, ndiye 250. Onjezani mafuta, jeke ndi zikwama za m'manja, tinene 80. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 3,250.

Wina atha kugawa ndi matayala anayi n'kupeza 812, n'kunena kuti ngakhale la 102 likwanira. Kugawa kotero n'kolakwika, chifukwa katundu sakhala mofanana. Mipando yambiri ili pamwamba kapena pafupi ndi matayala akumbuyo, ndipo matumba oikidwa kuseri kwa mpando womaliza ali kumbuyo kwa ekiselo. Katundu woikidwa pamenepo amapanikiza kumbuyo kuposa kulemera kwake kwenikweni, uku akupepuza kutsogolo. N'chifukwa chake minibasi yodzaza imadzutsa mphuno ndipo chiwongolero chimapepuka m'manja. Pa chitsanzo chathuchi, si zachilendo kuti kumbuyo kusenze makilogalamu 1,800, kutsogolo 1,450. Ndiye kuti tayala lililonse lakumbuyo lasenza 900.

Tsopano yerekezani. La 106 limatha 950, latsala ndi 50 yokha, thumba limodzi. La 102 lapitirira kale malire ake ndi 50. Tayala la galimoto yaing'ono la `195/70R14` lokhala ndi 91 limatha makilogalamu 615 basi, ndiye lasenzetsedwa pafupifupi 300 kuposa mphamvu zake. Ndipo kuwerengera konseku ndi kwa galimoto yoima pamalo osalala. Pokhota, katundu amatsamira mbali imodzi. Popatukira lole pamene msewu wachepa, tayala lakumanzere limatsika m'mphepete mwa phula modyeka n'kukweranso, ndipo pa kamphindi kameneko limalandira nkhonya yoposa kulemera kwake kwa nthawi zonse. Mukafunsa okonza matayala, adzakuuzani kuti lakumbuyo kumanzere ndilo limawafikira kawirikawiri.

Ngati mungapeze sikelo ya galimoto, monga ya pamalo ogulira mbewu, pemphani kuti muyeze matayala akumbuyo okha galimoto itadzaza monga mwa masiku onse. Nambala imeneyo igaweni pawiri, ndipo mugule tayala limene mphamvu yake ikuposa yankholo. Ngati yankho lapitirira 975, vuto silinso la tayala. Chofunika ndi kutsitsa katundu. Kumbukiraninso kuti galimoto ili ndi malire ake olembedwa ndi wopanga, ndipo tayala lolimba silisintha mabuleki kapena masipuling'i.

3. Gwirizanitsani tayala ndi mpweya wake

Makilogalamu 950 aja ali ndi lamulo lake: tayala limawasenza pokhapokha lili ndi mpweya wokwanira. Chimene chimanyamula katundu ndi mpweya, tayala limangousunga. Yang'anani timalemba ting'onoting'ono pafupi ndi limu; pa `195R14C` ya `8PR` mumapeza kuti kulemera kumeneko ndi kwa mpweya wa 450 kPa, womwe ndi 4.5 bar kapena 65 psi. Mukapopa 3 bar yokha, tayala lomwelo limangokwanitsa pafupifupi makilogalamu 700. Mwalipira mtengo wa tayala la minibasi koma mukuyendera mphamvu yosasiyana kwenikweni ndi ya galimoto yaing'ono.

Cholakwika chofala n'chakuti opopa ambiri anazolowera 30 kapena 35 psi ya magalimoto aang'ono, ndiye amaika yomweyo pa minibasi. Madalaivala enanso amaphwetsa dala kuti galimoto isamagunde kwambiri m'maenje. Tayala lochepa mpweya limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumabala kutentha m'kati, ndipo kutentha kumalekanitsa mphira ndi mawaya. Onjezani dzuwa la kunyanja kuno la mu Okutobala ndi Novembala, pamene phula limaotcha ngakhale mutavala nsapato. Kuphulika kwambiri kumene timati n'kwadzidzidzi kumakhala kutayamba masabata angapo m'mbuyo mwa njira imeneyi.

Tsatirani mpweya wa galimoto yodzaza umene walembedwa pa chitseko, osapitirira wolembedwa pa tayala. Yezani m'mawa galimoto isanayende. Mukafika pa Nkhotakota masana n'kupeza kuti geji yakwera, musachotse mpweya. Kukwerako n'koyembekezeka, ndipo mukauchotsa tayala lidzakhala lochepa mpweya likazizira. Gulani geji yanuyanu ikhale m'galimoto, chifukwa kumenya tayala ndi sipanala sikungakuuzeni kusiyana kwa 50 ndi 60 psi.

4. Onani tsiku limene linapangidwa

Pezani pamene palembedwa `DOT`, kumapeto kwake kuli nambala zinayi. `1824` ndi sabata ya 18 ya chaka cha 2024. Mphira umauma ndi kukalamba ngakhale tayala lisanayendepo, makamaka likasungidwa padzuwa. Pogula latsopano, ine sindilandira loposa zaka zitatu.

5. Tsopano kambani za kampani

Pamsika wathu matayala ali m'magulu atatu potengera mtengo. Odula ndi a makampani akale odziwika monga Michelin, Bridgestone, Continental, Goodyear ndi Dunlop. Apakati ndi monga Maxxis ya ku Taiwan, Hankook ndi Kumho za ku South Korea, Apollo ndi CEAT za ku India. Otsika mtengo ambiri ndi a ku China, monga Linglong, Triangle, Westlake ndi Sailun. Gulu lililonse lili ndi matayala a `C` a mphamvu yokwanira, choncho la 106 ndi la 106 posatengera dziko. Kusiyana kumaonekera pa kutalika kwa mtunda umene likhalitse, kugwira kwake pa phula lonyowa, ndi mmene m'mbali mwake mumapiririra maenje.

Musayerekeze mitengo ya m'sitolo, yerekezani mtengo wa kilomita imodzi. Nambala izi ndi zongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya lero. Tayala loyamba mwagula K200,000 ndipo layenda makilomita 40,000: ndiye K5 pa kilomita. Lachiwiri mwagula K130,000 ndipo latha pa makilomita 20,000: ndiye K6.50. Lotchipa lija ndilo lakudyerani zambiri. Kuchokera pa Salima kufika pa Nkhotakota ndi pafupifupi makilomita 110, ndiye minibasi yopita ndi kubwerera kamodzi pa tsiku, masiku 25 pa mwezi, imayenda makilomita 5,500. Loyamba likufikitsani miyezi isanu ndi iwiri, lachiwiri silikwanitsa inayi.

Koma kuwerengera kumeneku kumasintha ngati matayala anu safa ndi ukalamba. Pitani mukaone mulu wa matayala anu akale. Ngati ambiri anatha mano mofanana mpaka kusalala, ndiye kuti tayala lodula likupindulirani. Ngati ambiri anatayidwa mano akadalipo chifukwa cha chotupa kapena kung'ambika m'mbali, ndiye kuti msewu ukuwapha asanabweze ndalama, ndipo lapakati la `8PR` ndilo lanzeru kufikira mutakonza kayendetsedwe ka dalaivala. Kwa galimoto zambiri za mu M5, maganizo anga ndi amenewo: gulu lapakati, kapena lotsika mtengo limene mwaliyesa nokha n'kulemba zotsatira zake.

Kuyesako n'kosavuta. Tsiku loika tayala lembani m'kope makilomita a galimoto ndi kuya kwa mano. Pakatha mwezi yezaninso. Ngati linayamba ndi mamilimita 9 ndipo mwezi wadya 1, mwadziwa kale kuti mwatsala ndi miyezi isanu lisanafike pa mamilimita 3. Zonena za pa siteji zoti kampani yakuti ndi yabwino zimachokera pa galimoto ina, dalaivala wina ndi katundu wina.

Za maonekedwe a mano, wa phula lokhalokha asankhe a mizere yoyenda molunjika kuzungulira tayala, chifukwa satentha msanga ndipo amadya mafuta ochepa. Wolowa m'misewu yafumbi ya kumidzi nthawi ya dzinja angaike a mano odukizadukiza kumbuyo. Matayala awiri a pa ekiselo imodzi akhale a kampani imodzi, saizi imodzi ndi mphamvu imodzi.

6. Ritiredi, losema ndi la kaunjika

Zitatuzi anthu amazisokoneza, ndipo ogulitsa ena amapindula ndi chisokonezocho.

Ritiredi ndi tayala lakale limene ku fakitale analipala mano otsala, n'kumatapo mphira watsopano ndi kuuphika kuti ugwirane ndi thupi lakale. Ndi ntchito yovomerezeka, ndipo malole ndi mabasi akuluakulu amayendera matayala otere. Losema ndi lina: munthu watenga tayala losalala n'kulijoba mizere ndi mpeni wotentha kuti lioneke ngati lili ndi mano. Matayala a malole olembedwa `REGROOVABLE` okha ndiwo ali ndi mphira wapadera wolola zimenezi. Pa tayala la minibasi mpeniwo umafika pafupi ndi mawaya, madzi amalowa, mawaya amachita dzimbiri. Mulizindikira poona mizere yosafanana kuya, m'mbali mwake mosalala ngati modulidwa, komanso kusowa kwa timilatho ting'onoting'ono ta mphira timene timakhala pansi pa mizere ya tayala la ku fakitale. Limeneli musaliike ngakhale pa sipeya.

La kaunjika ndi logwiritsidwapo ntchito kunja. Ambiri mwa amenewa ndi a magalimoto aang'ono, ndipo ena ndi a m'chisanu, olembedwa `STUDLESS` kapena okhala ndi kachithunzi ka phiri. Mphira wawo ndi wofewa, wopangira kuzizira kwa ku Japan, ndipo pa phula la ku Salima umatha mofulumira.

Tibwerere ku ritiredi. Mano ndi atsopano, koma chosenza katundu ndi thupi lakale lija, lomwe mbiri yake simuidziwa. Lole ili ndi matayala awiri ogundizana, limodzi likaphulika linzake limagwira. Minibasi yanu ili ndi limodzi, ndipo likaphulika lakumbuyo pa liwiro, galimoto yodzaza imagwedeza mchira ndipo itha kugubuduka. Chifukwa cha ichi, pa ulendo wautali wa Salima, Nkhotakota mpaka Dwangwa, kapena wokwera mapiri a ku Mvera popita ku Lilongwe, sindilangiza ritiredi. Pa ulendo waufupi wa liwiro lochepa, monga wa ku Senga Bay, ingathe kugwira ntchito kumbuyo kokha. Kutsogolo ayi, zivute zitani.

Ngati mwasankha kuigula, njira yabwino ndi kupereka tayala lanu lomwe, limene munaligula latsopano, silinayendepo lopanda mpweya ndipo mwalichotsa mawaya asanaoneke. Ngati mukugula lomatidwa kale, musalilandire lili pa limu. Liikeni poyera, mulipende motere.

Yambani ndi m'mbali: `C` ndi nambala ya mphamvu zikhale zooneka, chifukwa kumata mano sikukweza 102 kukhala 106. Tsiku la `DOT` ndi la thupi lakale, ndipo loposa zaka zisanu ndimalikana. Funani chizindikiro cha fakitale imene inamata. Lopanda chizindikiro mulibe kokadandaula. Kenako suzumirani m'kati ndi tochi. Mukaona makwinya, mzere wakuda wozungulira kapena ufa wa mphira, tayalalo linayendapo lophwa ndipo ulusi wake unafooka kale. Chigamba chimodzi chaching'ono pansi pa mano chilibe vuto, koma chigamba cha m'mbali kapena paphewa n'chokwanira kulikana. Yendetsani dzanja m'kati ndi kunja kufuna potupa kapena polowa. Kanikizani m'mbali kuti ming'alu yobisika itseguke. Onani mkombero umene umagwira limu, usakhale wodyeka kapena woonetsa waya. Pomaliza tsatani ndi chala mzere umene mphira watsopano wakumana ndi wakale, kuzungulira mbali zonse ziwiri, ndiponso pamene nsonga ziwiri za mphirawo zalumikizana. Pakakhala pamene chikhadabo chikulowa, pamenepo m'pamene lidzayambire kusenda. Gogodani mano ndi kanyundo kuzungulira tayala lonse: kulira kukhale kofanana, ndipo pamene pakumveka ngati mphako ndiye kuti sipanagwirane.

Likakhala pa galimoto, uzani dalaivala kuti kunjenjemera kwatsopano kochokera kumbuyo, kapena phokoso lobwerezabwereza lotsatira liwiro, ndi chifukwa choimira pomwepo, osati kukafika kaye pa siteji yotsatira.

7. Poika

Sinthani valavu nthawi iliyonse mukaika tayala latsopano, ndipo funsani yopirira mpweya wambiri. Limu yopindika ndi maenje iwongoledwe kapena isinthidwe, apo ayi tayala la chubulesi lizitaya mpweya pang'onopang'ono. Kuika chubu m'tayala la chubulesi lowonongeka kumangobisa bala n'kuonjezera kutentha. Chitani balansi ndi alayimenti. Mukaona matayala akale akutsogolo atadyeka mbali imodzi, konzani zimenezo kaye, chifukwa atsopanonso adzadyeka chimodzimodzi.

Ngati ndalama yakwana awiri okha, ndipo akutsogolo akadali ndi mano abwino, opanda chotupa kapena chigamba cha m'mbali, atsopanowo apite kumbuyo kumene kuli katundu. Sipeya nayo ikhale ya `C` ya mphamvu yomweyo ndipo izipopedwa pamodzi ndi anzake, chifukwa tsiku limene idzafunike galimoto idzakhala yodzaza.

Timilatho tija ta pansi pa mizere tili pa mamilimita 1.6, ndipo mano akalingana nato tayala latheratu. Oyeza galimoto popereka COF ndi apolisi apamsewu amayang'ana zomwezo. Koma musadikire kufika pamenepo mvula ikamayandikira. Madzi akaima pa phula, mizere yosaya siyitha kuwachotsa msanga ndipo galimoto imaleka kumvera chiwongolero ndi mabuleki. Yezani matayala onse mu Okutobala, ndipo lililonse limene latsika kufika pa mamilimita 3 lichoke mvula yoyamba isanagwe.